Raundi ya m'wodi: chifukwa chake wofotokoza za wodwala amayambira pa mfundo yaikulu

Amene anadikirirapo matenda ku Gulupu, ku chipatala chachikulu cha Kamuzu kapena pa chipatala cha boma lililonse amaidziwa nthawi ija ya m'mawa imene magadiyani amachotsa mapoto ndi zitenje pansi pa bedi chifukwa madokotala akubwera. Gululo likaima pa bedi, mmodzi amatsegula fayilo n'kulankhula mwachangu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, wamkulu n'kufunsa mafunso angapo, basi apita pa bedi lina. Gadiyani amatsala akudabwa kuti nkhani imene iye anaifotokoza kwa theka la ola dzulo yatha bwanji msanga chonchi. Wophunzira za udokotala nayenso amasokonezeka, chifukwa m'kalasi anauzidwa kuti asasiye kanthu pofunsa wodwala, koma pa bedi akangoyamba kulakatula zonse, wamkulu amamudula n'kufunsa kuti, "Vuto lake lero n'chiyani?" Onse awiriwa angathandizike atadziwa m'mene chidule cha pa raundi chimamangidwira.

Raundi ndi chidule chake

Raundi ndi ulendo umene gulu losamalira odwala limayenda bedi ndi bedi, kuona wodwala aliyense ndi kumanga mfundo ya zimene achitiridwe tsikulo. M'gulumo mumakhala dokotala wamkulu kapena kiliniko ofesa, madokotala achichepere, namwino wa m'wodimo ndi ophunzira. Chidule ndi mawu amene munthu mmodzi, yemwe wamuona kale wodwalayo m'mawa, amanena pakamwa kuti ena onse amve m'mene zinthu zilili asanagwire wodwala.

Mwambo wophunzitsira pa bedi ndi wakale, koma amene anaukhazikitsa m'masukulu a udokotala amakono ndi William Osler, pa chipatala cha Johns Hopkins ku Amereka chomwe chinatsegulidwa mu 1889. Iye ankatulutsa ophunzira m'kalasi n'kuwaika m'wodi kuti azifunsa odwala, kuwapima, ndi kufotokoza zimene apeza. Kuno kwathu sukulu ya udokotala inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo ophunzira ake amayenda raundi m'njira yomweyi.

Fayilo ndi chidule si chinthu chimodzi. Fayilo imasunga zonse: tsiku lobadwa, katemera, zimene mayi ananena, zonse zimene anapima ngakhale zopanda vuto. Chidule chimasankha. M'wodi ya ana nthawi ya dzinja, malungo atavuta, odwala amatha kukwana 60. Ngati gulu lili ndi maola atatu, mwana aliyense amapeza mphindi zitatu, ndipo m'mphindi zimenezo muli kufotokoza, kupima, kulemba ndi kulankhula ndi mayi. Wofotokoza akadya mphindi zisanu ndi zitatu pa bedi loyamba, amene amalipira ndi mwana wa kumapeto kwa wodi.

Chiganizo choyamba

Chiganizo choyamba chimayankha mafunso anayi nthawi imodzi: wodwalayu ndi ndani, anagonekedwa chifukwa chiyani komanso liti, ali bwanji panopa poyerekeza ndi dzulo, ndipo chikufunika kugamulidwa n'chiyani. Mwamwambo wathu, mlendo akafika amapereka malonje kuyambira kumene wachokera, n'kumabwera pang'onopang'ono mpaka pa chimene chamuyendetsa. Koma wothamanga kudzanena kuti nyumba yagwira moto sapereka malonje. Amayamba ndi moto, ndipo za m'mene unayambira amanena anthu atanyamula kale ndowa. Chidule cha pa raundi chili ngati uthenga wachiwiriwu.

Tiyeni titenge chitsanzo chongopanga, koma chofanana ndi zimene zimachitika m'mawodi a ana. Mtsikana wa zaka 3, wolemera makilogalamu 12, anafika dzulo 2 koloko masana. Wophunzira wina angayambe kuti mwanayu anali bwinobwino mpaka masiku anayi apitawo, pomwe anayamba kutentha thupi, mayi ake anamugulira panado pagolosale, tsiku lotsatira anakana phala, kenaka anapita naye kuchipatala chaching'ono. Zonsezi n'zoona. Vuto ndi lakuti omvera sakudziwa kumene nkhaniyo ikulowera, ndiye sadziwa choti asunge m'mutu ndi choti asiye. Mphindi ziwiri zikutha asanamve kuti mwanayo akubanika.

Wofotokoza wozolowera anganene motere:

"Mtsikana wa zaka 3, makilogalamu 12, tsiku lachiwiri m'wodi, tikumuthandiza ngati malungo aakulu ndi kuchepa kwambiri kwa magazi. Anathiridwa magazi usiku ndipo watsitsimukako, koma kupuma kwake kwaipa: dzulo ankapuma ka 44 pa mphindi, m'mawa uno ka 58, ndipo tikamuchotsa pa okosijeni mlingo wa okosijeni m'magazi ukutsika kufika pa 87. Ndikufuna tione ngati ndi chibayo kapena madzi achuluka m'thupi."

Mawu amenewa sakwana theka la mphindi, koma aliyense wayamba kale kuganiza. Dokotala wamkulu akuyang'ana nthiti za mwana, namwino akukumbukira zimene zinachitika pakati pa usiku, ndipo zonse zimene zinenedwe pambuyo pake ali ndi pozikoloweka. Taonani kuti kulemera kwa mwana kwatchulidwa koyambirira. Kwa ana, mlingo wa mankhwala, magazi ndi madzi a dilipi zimawerengedwa pa kilogalamu, choncho popanda nambala imeneyo palibe angatsimikize ngati zimene anapatsidwa zinali zokwana.

Kuika choopsa patsogolo kunalimbikitsidwa ndi njira yotchedwa SBAR, imene inachokera kwa asilikali a m'sitima zoyenda pansi pa nyanja ku Amereka, n'kulowa m'zipatala za Kaiser Permanente kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ndondomeko yake ndi yakuti unene chimene chikuchitika tsopano, kenaka mbiri yofunika, kenaka maganizo ako, pomaliza chimene ukupempha. Anaikonzera makamaka namwino amene akuitana dokotala pa foni, koma mzimu wake unalowanso pa raundi.

Mbiri ndi zopima: kusankha zonena

Pambuyo pa chiganizo choyamba pamabwera umboni, ndipo umakhala m'magawo awiri: zimene wodwala kapena gadiyani wanena, ndi zimene ogwira ntchito aona kapena kuyeza. Kulekanitsa ziwirizi kunafala ndi Lawrence Weed, dokotala wa ku Amereka, m'zaka za m'ma 1960. Iye anadandaula kuti mafayilo anali osalongosoka moti wowerenga sankatha kutsata maganizo a amene analemba. Njira yake, imene ophunzira amailoweza ndi zilembo za SOAP, imayamba ndi zonena wodwala, kenaka zopima, kenaka chigamulo cha dokotala, pomaliza dongosolo la chithandizo, ndipo vuto lililonse limalembedwa palokha.

Kwa mwana wathuyu, mbiri imakwana m'ziganizo zitatu: watentha thupi masiku anayi, anakomoka kawiri kunyumba manja ndi miyendo zikugwedezeka, sanamwe mankhwala a malungo asanafike, ndipo alibe matenda ena odziwika. Atafika, choyezera malungo cha pachala chinasonyeza kuti alipo, himogulobini, yomwe imasonyeza kuchuluka kwa magazi m'thupi, inali 3.8, shuga wa m'magazi 2.1. Apa manambala amalankhula okha kwa odziwa. Himogulobini yochepera 5 mwa mwana wa malungo ndi kuchepa magazi koopsa, ndipo ikatsika pansi pa 4 amathira magazi ngakhale mwanayo akuoneka kuti ali bwino. Shuga wochepera 2.5 amafuna kukwezedwa nthawi yomweyo.

Kenaka zimene anapatsidwa, ndi milingo yake komanso nthawi: madzi a shuga a 10 peresenti mamililita 60, ndiye kuti 5 pa kilogalamu, shuga n'kukwera kufika 5.4, jakisoni wa malungo wa atesuneti mamiligalamu 36, popeza ana osakwana makilogalamu 20 amalandira 3 pa kilogalamu, mankhwala opha mabakiteriya otchedwa seftiriyakisoni, ndi magazi mamililita 240, ndiye kuti 20 pa kilogalamu, kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 10 koloko usiku.

Pano ndi pamene zidule zambiri zimapunthwira, chifukwa kulemba mankhwala ndi kupereka mankhwala n'zosiyana. Atesuneti amaperekedwa pofika, patatha maola 12, komanso patatha maola 24. Jakisoni wachiwiri wa mwanayu anayenera kubayidwa 2 koloko usiku. Wofotokoza amene wangowerenga zimene dokotala analamula adzanena kuti mwana ali pa atesuneti, basi. Amene watsegula pepala la mankhwala n'kuyang'ana pamene namwino amasaina adzapeza, tinene, kuti kachubu ka pamtsempha kanatsekeka ndipo jakisoniyo anabayidwa 5 koloko m'mawa atabaya kena. Kuchedwa kumeneko kuyenera kunenedwa mosabisa komanso mosaloza chala, kuti nthawi ya jakisoni wachitatu ilembedwe bwino.

Pa zopima, lamulo ndi lakuti nambala imatanthauza kanthu ikakhala ndi inzake. Kunena kuti mwana akupuma ka 58 kumauza omvera kuti akupuma mofulumira, popeza kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu malire ndi 40. Kunena kuti wachoka pa 44 kufika pa 58 magazi atathiridwa kale kumawauza kuti pali chatsopano, chifukwa kubanika kobwera ndi kuchepa magazi kukanayenera kutsika. Chimodzimodzi mlingo wa okosijeni: 95 yokha ikhoza kunyenga gulu lonse ngati wofotokoza sananene kuti mwanayo ali pa mpweya. Mawu ngati "ali bwinoko" kapena "zonse zili bwino" sathandiza, chifukwa amabisa ngati munthuyo anayezadi.

Kutsitsimuka kwa mwana nakonso kuli ndi nambala yake, ndipo muyeso wake unabadwira kwathu konkuno. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafalitsa muyeso wa chikomokere wa Blantyre, wokonzera ana aang'ono osatha kuyankha mafunso. Umaona zinthu zitatu: ngati maso akutsata nkhope ya mayi kapena chinthu chowala, malikisi 0 kapena 1, m'mene mwana akusunthira akamva kupweteka, 0 mpaka 2, ndi kulira kwake, 0 mpaka 2. Wathanzi amapeza 5, ndipo 2 kapena kutsika ndi chikomokere. Mwana wathu anali pa 3 dzulo, lero ali pa 4. Wofotokoza wabwino amanenanso gawo limene lasowa, mwachitsanzo kuti maso sakutsatabe.

Chomaliza m'gawoli ndi zimene sizinapezeke koma zili ndi ntchito. Sikuti wofotokoza atchule chiwalo chilichonse chimene chili bwino. Amatchula zokhazo zimene zikusiyanitsa matenda amene akuganiziridwa. Kwa mwanayu: khosi silinaume, zikope sizinatupe, chiwindi sichinakule kuposa dzulo, ndipo phokoso la m'mapapo likumveka mbali ya kumanja yokha. Namwino wa usiku analembanso kuti mwanayo anakomoka kamodzi cha m'ma 12 koloko n'kusanza. Chilichonse mwa zimenezi chikuyankha funso limene linafunsidwa m'chiganizo choyamba.

Chigamulo ndi dongosolo

Chigamulo ndi pamene wofotokoza amanena chimene iye akuganiza, ndi chifukwa chake. Ophunzira ambiri amafika apa n'kukhala chete, kudikira kuti wamkulu amalize. Koma chidule chopanda chigamulo chimasiya ntchito yaikulu yosagwirika, ndipo mphunzitsi sangakonze maganizo amene sanawamve. Kulakwitsa pa bedi, gulu lilipo, n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulakwitsa uli wekha usiku.

Potsata njira ya Weed, mavuto amasanjidwa kuyambira loopsa kwambiri lero, osati limene mwana anabwera nalo. Choncho kubanika kumakhala koyamba ngakhale kuti anagonekedwa chifukwa cha malungo. Wofotokoza anganene kuti akuganiza kwambiri za chibayo, mwina chobwera chifukwa masanzi analowa m'mapapo pamene anakomoka, popeza phokoso lili mbali imodzi ndipo thupi likadali lotentha madigiri 38.9. Kuchuluka kwa madzi akukuika pachiwiri: nthawi yake ikugwirizana ndi kuthira magazi, koma pakanayenera kukhala kutupa zikope, chiwindi chokula ndi phokoso mbali zonse. Chachitatu ndi asidi wochuluka m'magazi, amene amabwera ndi malungo aakulu, koma iyeyu amapumitsa mozama mapapo ali oyera. Mpake kusiyanitsa, chifukwa chithandizo chake chimapita mbali zosiyana. Madzi akachuluka amachepetsa dilipi n'kupereka mankhwala okodzetsa, pamene mankhwala omwewo angapweteke mwana amene madzi amuperewera.

Dongosolo labwino limanena chochita, wochita ndi nthawi. "Tipitirize chithandizo" si dongosolo, ndipo "tiziona" n'chimodzimodzi. Kwa mwanayu likhoza kukhala motere: akhalebe pa okosijeni kuti mlingo usatsike pansi pa 90, asamwetsedwe pakamwa kufikira atatsitsimuka bwino, ayezedwenso himogulobini ndi shuga m'mawa uno, ajambulidwe m'chifuwa ngati angathe kunyamulidwa ndi mpweya wake, seftiriyakisoni apitirire, namwino awerenge kupuma maola awiri aliwonse, ndipo dokotala aitanidwe ngati mlingo wa okosijeni watsika pansi pa 90 ali pa mpweya, akakomokanso, kapena muyeso wa Blantyre ukatsika. Zimene sizinachitike zimanenedwanso. Ngati madzi a pamsana sanatengedwe kuti aone ngati pali matenda oumitsa khosi, wofotokoza anene kuti sanatengedwe, anene chifukwa chake, monga kubanikaku, ndi kuti nkhaniyo idzaonedwanso liti. Zoterezi zikapanda kutchulidwa, tsiku lachitatu aliyense amaganiza kuti mnzake anachita.

Zimene odziwa akusiyanabe maganizo

Funso lalikulu ndi lakuti, kodi kuyamba ndi dzina la matenda sikutseka maso a omvera? Munthu akamva "malungo" m'chiganizo choyamba, zonse zotsatira amazimva ngati umboni wa malungo. Ngoziyi ndi yeniyeni m'dziko ngati lathu, kumene ana ambiri amakhala ndi tizilombo ta malungo m'magazi osadwala, komanso choyezera cha pachala chimatha kusonyezabe malungo patapita masabata munthu atachira. Kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2004, amene anapima matupi a ana omwalira atauzidwa kuti ndi malungo a muubongo, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amafuna kuti wofotokoza ayambe ndi zizindikiro zokha, monga kutentha thupi, kukomoka ndi kuchepa magazi, dzina la matenda lidikire kumapeto. Ena amati zimenezo zimachedwetsa, ndipo chofunika n'kunena poyera mlingo wa chitsimikizo, monga kunena kuti "tikumuthandiza ngati malungo" m'malo mwa "ali ndi malungo". Ambiri amagawa pakati: wodwala watsopano amafotokozedwa motsata ndondomeko yonse kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, wakale mwachidule. Koma sanagwirizane kuti wodwala amasanduka wakale tsiku liti, makamaka ngati sakuchira.

Palinso nkhani ya wophunzira. Kuti munthu asankhe zofunika ayenera kudziwa kale chimene chili chofunika, ndipo wa chaka choyamba m'wodi sanafike pamenepo. Ena amati ayambe wanena zonse kuti mphunzitsi aone ngati anafunsa mokwanira, luso lodula lidzabwera. Ena amati kumulola kulakatula kumamuzolowetsa kusaganiza, bola ayesere chiganizo choyamba kuyambira tsiku loyamba ngakhale azilakwitsa.

Umboni wa kafukufuku nawonso uli ndi malire. Mu 2014 zipatala zisanu ndi zinayi za ana ku Amereka ndi Canada zinasonyeza kuti zitaphunzitsa madokotala njira imodzi yopatsirana odwala posinthana ntchito, zolakwika zinatsika ndi 23 peresenti. Koma kumeneko kunali kupatsirana odwala, osati raundi, ndipo kunali m'zipatala zokhala ndi antchito ambiri. Ngati phindu lingakhale lofanana m'wodi imene kiliniko ofesa mmodzi amaona yekha odwala makumi angapo, wopanda womufotokozera, ndi funso lotseguka.

Chotsala ndi malo ndi chilankhulo. Kufotokozera pa bedi kumapatsa mayi mpata wokonza cholakwika, monga kunena kuti mwana anakomoka katatu osati kawiri, koma zimenezo zimatheka ngati akumva, ndipo raundi zathu zambiri zimayenda m'Chingerezi. Chingerezicho ena amachiona ngati chotchinga chinsinsi m'wodi imene mabedi ayandikana kwambiri, makamaka pa nkhani ya HIV, ngakhale kuti oyandikana nawo bedi ena amachimva bwino lomwe. Ena amati mfundo zachinsinsi zilozedwe m'fayilo osatchulidwa, zina zonse zinenedwe m'chilankhulo cha gadiyani, kapena mmodzi wa gululo atsalire mphindi imodzi kumuuza mayi zimene zagamulidwa. Kuti wotsalirayo akhale ndani, ndiponso kuti mphindi imeneyo ichotsedwe pa bedi liti, mawodi amasiyana kachitidwe.